SWOT ya bizinesi yosoka ija

"Amalume, SWOT ya bizinesi yanga yosoka andibwezera, akuti ndi mndandanda chabe wosagwirizana ndi pulani. Ndikonze pati?"

Mphwanga, pepala lako lija ndaliwerenga kawiri, ndiye mvetsera. Pa mabokosi anayi a SWOT aja, mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo za bizinesi, tiyambe pa zofooka, pomwe walemba kuti "zipangizo zosakwanira". Mawu amenewo telala aliyense akhoza kulemba, ndipo sakuuza munthu chochita Lolemba m'mawa. Paja unandiuza wekha kuti mwa makina ako awiri aja, akalewo anaima katatu mwezi watha, maoda 4 n'kuchedwa. Lemba zimenezo, momwemo ndithu. Ukatero chochita chimabwera chokha: makaniko aziona makinawo sabata yoyamba ya mwezi uliwonse, womuitana ndi iweyo, ndipo ikatha miyezi 3 uwerenge kuti maoda ochedwa atsala angati. Chochita, mwini wake, tsiku, ndi choyezera. Chikasowa chimodzi, mfundoyo sinapse.

Kenaka ipatse nambala. Chofooka chimenechi chikhale Z1, ndipo mu pulani, pamzere wa makaniko uja komanso pa bajeti yake, ulembepo Z1. Wowerenga aziloza ndi chala kuchoka pa SWOT mpaka pa bajeti osasochera. Mfundo yomwe nambala yake sikupezeka mu pulani, uipezere chochita kapena uifufute. Usamve nayo chisoni.

Pomwe ndaona kuti wasokoneza kwambiri ndi pa mwayi. Walembapo "kuyamba kusoka yunifolomu". Chimenecho ndi chochita chako, si mwayi ayi. Mphamvu ndi zofooka zili m'kati, m'manja mwako. Mwayi ndi ziopsezo zili kunja, zimachitika kaya iwe ulipo kaya palibe. Mwayi weniweni ndi woti sukulu ija yawonjezera makalasi ndipo ilibe woisokera.

Tsopano uziphatikize ziwiriziwiri, chimodzi cha m'kati, china cha kunja. Njirayi amaitcha TOWS, anaifotokoza Heinz Weihrich mu 1982. Mphamvu yako ndi yoti umamaliza diresi m'masiku 2. Iphatikize ndi mwayi wa sukulu uja, chotuluka n'choti usoke zitsanzo 3 ukaonetse ahedi teremu isanayambe. Koma taonanso Z1 pambali pa mwayi womwewo. Oda yaikulu ikabwera makina n'kuima pakati, wataya sukuluyo ndi mbiri yomwe. Ndiye kuti makaniko ayambe, zitsanzo zibwere pambuyo. Waona? SWOT yakuuza ndi choyambira chomwe.

Pa ziopsezo, "mpikisano" uchotse, ulembe chomwe ukuopadi: wokugulitsa nsalu ndi mmodzi yekha, akasowa katundu iwenso waima. Mwezi uno upeze wachiwiri, ugulekonso kamodzi pang'ono kuti uone nsalu yake.

Bokosi lililonse mfundo zisapitirire 3, pano uli nazo 9 pa mphamvu pokha. Ukakonza unditumizire usikuuno, ndidikira.