Imvi zoyamba pa tsitsi lalifupi: dayi wozizimbaitsa popanda kudetsa mutu wonse

"Ndili ndi zaka 41 ndipo imvi zayamba kuonekera pafupi ndi makutu komanso kutsogolo, pamwamba pa mphumi. Ndimameta pakatha milungu iwiri iliyonse, nambala 1 m'mbali ndi nambala 3 pamwamba. Sindikufuna mutu wakuda bii ngati wa anzanga ena, ndiponso sindikufuna kukhala kapolo wa dayi. Kodi pali njira yoti imvizi zisamaonekere kwambiri, koma yoti ndikhoza kuisiya tsiku lililonse ndikatopa nayo?"

Njira ilipo, bambo, ndipo kameteledwe kanu kakuchitirani kale theka la ntchitoyo. Tiyambe ndi masamu a mashini ometera, chifukwa ndi amene akusonyezeni kutalika kwa nthawi imene dayi angakhale pamutu panu. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kutanthauza mamilimita 5 pa milungu iwiri. Chipeso cha nambala 1 chimasiya tsitsi la mamilimita 3, pamene cha nambala 3 chimasiya la mamilimita 10. Choncho mukadaya lero, pofika tsiku lometanso tsitsi la m'mbali lidzakhala litafika mamilimita 8, ndipo wometa akalibwezera pa mamilimita 3, lonse limene linalowa dayi lidzagwera pansi. Pamwamba padzatsala nsonga zodayidwa za mamilimita 5 zokha, zimenenso zidzapita pa kumeta kotsatira. Pakutha pa mwezi, mutu wanu udzakhala wopanda dayi ngakhale mutagwiritsa ntchito wamphamvu chotani. Munthu wa tsitsi lalitali amaopa dayi chifukwa amakhala naye chaka chathunthu, koma inu chimene muyenera kusamala nacho ndi maonekedwe a mutu m'milungu inayi imeneyo, makamaka malo amene tsitsi latsopano likukumana ndi lodayidwa.

Apa ndi pamene mtundu wa dayi umakhala ndi ntchito. Dayi amene amapezeka kwambiri m'mashopu ndi m'mababashopu ndi wosachoka, monga Bigen waufa uja kapena Inecto Super Black. Ameneyu amalowa m'kati mwa tsitsi ndi kulidetsa lonse mofanana, ndipo sachoka ndi madzi. Vuto lake si loti sagwira ntchito, koma loti amaigwira mopitirira muyeso: imvi zonse zimasowa tsiku limodzi, mutu umada ngati wapakidwa polishi wa nsapato, ndipo pakatha mlungu umodzi kamzere koyera kamatulukira m'munsi mwa tsitsi lakudalo, koonekera kwambiri kuposa imvi zimene munali nazo poyamba. Kamzere kameneko ndi kamene kamabwezera anthu kwa wometa mobwerezabwereza, ndipo ukapolo umene mukuuopawo umayambira pomwepo.

Pali mitundu ina itatu yofatsa. Woyamba ndi wongokhala pamwamba pa tsitsi, wopopera kapena wopaka ndi kaburashi, umene umachoka mukangosamba kamodzi. Ndi wothandiza pa ukwati kapena pojambulitsa, koma thukuta la mwezi wa Okutobala kapena mvula yodzidzimutsa zimautsitsira pa kolala ya malaya. Wachiwiri ndi umene ometa amautchula kuti semi, wa botolo limodzi losasakaniza ndi chilichonse. Umamatirira kunja kwa tsitsi ndi kusuluka pang'onopang'ono mukasamba ndi shampu kangapo, koma imvi zimakhala zolimba ndi zouma kuposa tsitsi lina, kotero kuti nthawi zambiri sizimuyamwa bwino, ndipo wakuda wobiriwirako akayamba kusuluka pa tsitsi loyera amatha kusiya mtundu wachilendo. Wachitatu ndi demi, ndipo ndi amene ndingakulangizeni. Amabwera m'magawo awiri osakaniza, dayi ndi mankhwala omuyambitsa, koma mankhwalawo ndi ofooka, haidirojeni perokisaidi wa maperesenti oyambira 1.5 mpaka 3 poyerekeza ndi 6 amene amakhala mu dayi wosachoka wambiri, ndipo kawirikawiri mulibe amoniya. Chifukwa cha kufooka kumeneko, sasintha kwenikweni tsitsi lanu lakuda, koma amathira mthunzi pa imvi kuti zioneke zotuwa moderako m'malo moyera mbee. Ena amapangidwira amuna enieni ndipo amagwira m'mphindi zochepa, monga Redken Color Camo amene amagwiritsidwa ntchito m'masaluni. Mukasowa ameneyu, werengani katoni ndipo mufune wolembedwa kuti amachoka pakatha masambidwe owerengeka ndiponso wokhala ndi choyambitsa chofooka.

Chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi kusankha mtundu. Opanga dayi amaika manambala kuyambira 1, wakuda kwambiri, mpaka 10, woyera kwambiri. Munthu amadziyang'ana pagalasi, naona kuti tsitsi lake ndi lakuda, nagula nambala 1. Koma tsitsi lachibadwa la ambiri a ife, mukaliyang'ana padzuwa, lili pafupi ndi nambala 2, ndipo dayi wogula kusitolo amatuluka wakuda kuposa chithunzi cha pakatoni. Tengani nambala 3, wabulauni woderapo. Pa tsitsi lakuda saoneka n'komwe, pamene pa imvi amasiya mtundu wopepukirako pang'ono kuposa tsitsi lozizungulira, ndipo kusiyana kochepa kumeneko ndi kumene kumachititsa mutu kuoneka wachibadwa. Pewani olembedwa kuti ndi ofiirira kapena agolide, chifukwa imvi ilibe mtundu wake woti isakanize nawo, ndiye imaonetsa kufiirako konse. Zilembo N kapena A pambali pa nambala ndizo zimasonyeza mitundu yosafiira pa makatoni ambiri. Pa chifukwa chomwecho hena weniweni si wabwino pa cholinga chanu, popeza imvi amazisandutsa zaolenji.

Musanapake chilichonse pamutu, muyese kaye pakhungu. Dayi wambiri woderako, kuphatikizapo demi, amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD kapena achibale ake, ndipo amenewa ndi amene matupi a anthu ena amadana nawo. Mawu oti mulibe amoniya sakutanthauza kuti mulibenso PPD. Pakani kadontho kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono monga pepala la m'katoni likunenera, ndipo mudikire maola 48. Pakayabwa, pakatupa kapena pakatuluka timatuza, dayiyo si wanu ndipo musamuyesenso. Ngati munadindidwapo zithunzi za hena wakuda pakhungu ndipo panavuta, kaonaneni ndi dokotala musanadaye, chifukwa kudetsa kwa hena ameneyo kumachokera ku PPD yemweyo. Munthu akadaya kenako nkhope, zikope kapena milomo n'kutupa, kapena kupuma n'kuvuta, atsuke msanga ndi kuthamangira kuchipatala.

Pa mutu ngati wanu, ndondomeko yake ingayende motere. Yesani pakhungu Lachitatu, metani Lachinayi, ndipo mudaye Loweruka. Kumeta kumayamba chifukwa palibe nzeru kudaya tsitsi limene ligwe mawa, koma masiku awiri apakatiwo ndi ofunika ngati wometa anadula mizere ndi lezala, popeza timabala tosaoneka timalowetsa mankhwala m'khungu ndipo pamawawa. Mutu wa zipere kapena zilonda sudayidwa mpaka utapola. Tsitsi likhale louma ndi lopanda mafuta odzola. Pakani Vaselini mopyapyala pamphumi, m'makutu ndi m'mphepete mwa tsitsi, mosamala kuti asakhudze imvi zenizenizo, chifukwa pamene wakhudza dayi salowa. Valani magolovesi, ndipo musakanize pang'ono chabe m'kambale kapulasitiki kapena kagalasi, osati kachitsulo, potsatira muyeso wa pepala. Pa imvi za pafupi ndi makutu ndi kutsogolo, supuni yaing'ono imodzi ya dayi ndi choyambitsa chogwirizana nayo zimakwana. Zotsala zosasakaniza mukazitseka bwino zidzagwiranso ntchito ulendo wina, koma zosakaniza kale muzitaye, ndipo musazitsekere m'botolo chifukwa zimatulutsa mpweya.

Popaka, gwiritsani ntchito mswachi wakale m'malo mwa zala kapena burashi yaikulu. Yambani kutsogolo pamene imvi zaunjikana, ndipo muzipesa nsonga za tsitsi mopepuka osakanikiza pakhungu. M'mbali mwa nambala 1 ndi malo ovuta, chifukwa tsitsi la mamilimita 3 silibisa khungu, ndipo dayi akadetsa khungulo pamaoneka chigamba chimene aliyense amachizindikira. Ine ndimaona kuti ndi bwino kungodutsapo kamodzi ndi mswachi wotsala pang'ono kuuma, kapena kusapakapo n'komwe, popeza imvi zofupika chotero sizioneka kwambiri ndipo zochepa zotsala pafupi ndi makutu zimachititsa kuti zonse zioneke zoona. Yambani kuwerenga nthawi mukangomaliza kupaka. Ngati pepala likunena mphindi 5, ulendo woyamba tsukani pa mphindi 3 kapena 4. Ngati likunena 20, pukutani kamalo kamodzi ndi kansalu konyowa pa mphindi 10 kuti muone pamene zafika. Musatengere mtundu wa phala lili pamutulo, chifukwa limada likakumana ndi mpweya ngakhale tsitsi lisanayamwe, ndipo musapyole nthawi yolembedwa. Tsukani mpaka madzi ayere, kenako muweruze tsitsi litauma, muli panja, chifukwa lonyowa limaoneka lakuda kuposa mmene lilili. Mukaona kuti imvi pafupifupi theka zazimirira ndipo zina zikuonekabe motuwa, mwakhoza. Zikachepera, mukhoza kuwonjezera mphindi imodzi ulendo wotsatira, pamene zikada mopitirira palibe chochita china koma kusamba ndi shampu ya mfundu kangapo ndi kudikira mashini.

Pakatha milungu ingapo mungaone kuti imvi zodayidwa zayamba kufiirira. Zimenezi zimachitika chifukwa dzuwa ndi sopo wochapira wa mtanda zimasulutsa dayi mofulumira, choncho gwiritsani ntchito shampu yofatsa kawiri kapena katatu pa mlungu, masiku ena n'kumangotsuka ndi madzi. Koma ngati kufiirako kwagwira tsitsi lakuda lomwe, ndiye kuti choyambitsa chinali champhamvu ndipo chinayeretsako mtundu wanu wachibadwa, kusonyeza kuti munagulitsidwa dayi wosachoka. Vuto lina ndi la nsonga zimene zimanka zikuderaderabe pamwamba, ndipo limabwera munthu akamapaka mutu wonse pa kumeta kulikonse, dayi watsopano n'kumagwera pa wakale. Kwa inu kudaya kamodzi pa kumeta kuwiri kulikonse, kutanthauza kamodzi pa mwezi, n'kokwanira, chifukwa nthawi imeneyo zakale zimakhala zitametedwa ndipo mukuyambira pa tsitsi latsopano. Ndevu musaziphatikize pa dayi wa kumutu pokhapokha pepala litalola, ndipo nsidze musazikhudze n'komwe.

Pali shampu zina zodetsa imvi pang'onopang'ono pa kusamba kulikonse, monga Control GX, ndipo zimathandiza amene safuna kuti anzawo akuntchito aone kusintha tsiku limodzi. Nazonso zimafuna kuyesa pakhungu, ndipo kuipa kwake n'koti zimagwira paliponse pamene thovu lafika, kotero simungasankhe malo osiya imvi monga mumachitira ndi mswachi. Tsiku limene mudzafune kusiya, musagule chochotsera dayi: ingouzani wometa kuti atsitse pamwamba kufika nambala 2 pa maulendo awiri otsatizana, ndipo tsitsi lonse lodayidwa lidzakhala litachoka.