Chipewa cha malemu chikuyandama pamutu, ndichite bwanji?

"Ndili ndi situdiyo yaing'ono ku Ulongwe, ku Angoniya. Mayi wina wabwera ndi chithunzi chakale cha malemu bambo ake, akufuna ndiwaveke chipewa chamlomo chifukwa sankayenda opanda chipewa. Ndatenga cha pa intaneti n'kuikapo, koma aliyense akuti chikuoneka chomata. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, chipewa cha pa intaneticho chisiyeni. Zipewa zotsatsa malonda amazijambula zili zokha, ndi magetsi owala mbali zonse, pomwe chithunzi cha malemuwo chili ndi kuwala kwakekwake. Yambani mwapeza komwe kuwalako kunkachokera. Kuzani chithunzicho muone kadontho kowala kamene kali m'maso, muonenso mthunzi wa mphuno. Kadonthoko kakakhala chakumanzere m'mwamba, mthunzi wa mphuno n'kugwera kumanja, ndiye kuti kuwala kunkachokera kumanzere.

Kenako pemphani mayiwo abweretse chipewa chenicheni cha bambo awo ngati chilipo, apo ayi bwerekani chofanana nacho. Muvekeni munthu wamutu wofanana ndi wa malemuwo, akhale pafupi ndi windo, windolo likhale kumanzere kwa chithunzi ngati kuwala kunkachokera kumanzere, atembenuze mutu monga momwe malemuwo anautembenuzira. Samalani kwambiri ndi pomwe pali kamera. Ngati pachithunzi chakalecho mabowo a mphuno akuoneka, wojambula anali chapansi, choncho kunsi kwa mlomo wa chipewa kuyenera kuoneka. Mukajambula muli chapamwamba, mudzaona denga la chipewa pankhope yojambulidwa kuchokera pansi, ndipo zimenezo palibe pulogalamu ingazibise.

Mukachidula n'kuchiika pa leya yake, kumbukirani kuti mutu umalowa m'chipewa. Ambiri amachikhazika pamwamba pa tsitsi poopa kubisa nkhope, ndiye mutu umaoneka wautali. Chitsitseni mpaka chifike pakati pa chipumi, m'mbalimu chitsale pang'ono kukhudza makutu. Tsitsi lotulukira pamwamba kapena m'mbali mwa chipewa lifafanizeni ndi Clone Stamp potengera khoma lakumbuyo. Mbali ya mlomo yozungulira kunkhongo ibisike kuseri kwa mutu ndi makutu, ndipo apa gwiritsani ntchito Layer Mask, osati chofufutira, kuti mukapitirira muthe kubweza.

Tsopano mthunzi, womwe ndi umene umakhazika chipewa pamutu. Pamafunika iwiri. Tinene kuti chithunzi chanu ndi chotalika mapikiselo 3000. Tsegulani leya pakati pa nkhope ndi chipewa, muiike pa Multiply, kapena Multiplicação ngati Photoshop yanu ili m'Chipwitikizi. Musapente ndi mtundu wakuda bii, chifukwa pakhungu lathuli umaoneka ngati mwaye. Tapani ndi Eyedropper mtundu wa mthunzi umene uli kale pansi pa chibwano cha malemuwo. Pentani nawo kamzere kopyapyala pomwe chipewa chakhudza chipumi, mukafewetse ndi Gaussian Blur wa mapikiselo 4, Opacity ikhale cha m'ma 70%.

Wachiwiri ndi wa mlomo wa chipewa, ndipo ukhale pa leya ina. Ngati kuwala kukuchokera kumanzere m'mwamba, mthunziwu utsike kwambiri kumanja kwa chithunzi, mwina mpaka pansidze, kumanzere ukhale wochepa. Usakhale mzere wowongoka, upindike motsata chipumi. Blur yambirani pa 30, Opacity pa 40%, muzisintha poyerekeza ndi mthunzi wa mphuno uja. Ngati wa mphuno uli wakuthwa chifukwa anajambulidwa padzuwa, wa chipewanso ukhale wakuthwa. Ndipo ngati chipumi chikunyezimira, kunyezimirako kuchotseni ndi Healing Brush musanaike mthunzi, chifukwa pansi pa chipewa sipangawale chotero. Ichi n'chimene chimaulula zithunzi zambiri zomwe ndimaona zitapachikidwa m'nyumba za anthu.

Chatsala n'kukalambitsa chipewacho. Chithunzi chakale chimakhala chofuwirira komanso chamchengamchenga, pomwe chipewa mwachijambula ndi foni yoona bwino. Ndi Curves, chepetsani kuda kwake kuti malo akuda kwambiri pachipewa asapose malo akuda kwambiri pajekete la malemuwo. Chifewetseni ndi blur wa pikiselo imodzi kapena ziwiri, kenako Add Noise cha pa 2% mutachonga Monochromatic. Kuzani pa 100% muyerekeze chipewa ndi tsaya, mchengawo ukhale wofanana.

Musanasindikize chachikulu, chitembenuzeni ndi Flip Canvas Horizontal, pakuti diso likazolowera chithunzi limasiya kuona kupendekeka. Mukatha kuona, chibwezereni momwe chinalili, kenako sindikizani kakang'ono ka 10 x 15 muwaonetse mayiwo. Iwo ndi amene akudziwa ngati bambo awo ankachipendeketsa kumanja kapena ankachikankhira kunkhongo. Chithunzi choyambirira muwabwezere chosakhudzidwa, pamodzi ndi fayilo yake, kuti adzukulu adzakhale nacho monga chinajambulidwira.