Masitazi ya m'kalasi kapena ya kafukufuku, ngati cholinga ndi PhD

"Ndine mphunzitsi wa Bayoloje ndi Zaulimi pa sekondale ina kufupi ndi Luchenza. Digiri yoyamba ndinamaliza zaka 8 zapitazo, ndipo mtima wanga uli pa PhD ya za nthaka, makamaka m'minda ya tiyi ya alimi ang'onoang'ono. Anzanga ena akuti nditenge masitazi yophunzira m'kalasi chifukwa imatha msanga, ena akuti popanda masitazi ya kafukufuku sadzandilandira ku PhD. Ntchito sindingasiye. Nditenge iti?"

Aphunzitsi, anzanu onse awiri akunena zoona mbali ina, koma onse akuyang'ana dzina la digiri. Anthu amene adzawerenge kalata yanu yofunsira malo a PhD sataya nthawi pa dzinalo. Amatsegula pepala la malikisi n'kufuna mzere umodzi, wa buku la kafukufuku limene munalemba pomaliza. Amaona kuti linali gawo lalikulu bwanji la digiri yonse, munapezapo malikisi angati, ndipo anakuyang'anirani ndani. Kenako amapempha bukulo kuti aliwerenge. Akufuna kudziwa ngati munthuyu anayamba wadzifunsa funso, n'kupita kukatola yekha zofunika, n'kuzisanthula, n'kulemba mpaka kumapeto popanda womukankha tsiku ndi tsiku. PhD ndi ntchito yomweyo, koma ya zaka zitatu kapena zinayi.

Ndiye tisanasankhe, tisiyanitse bwino, chifukwa mitundu yake ndi itatu. Pali masitazi ya makalasi okhaokha, yothera pa mayeso ndi kalipoti kakang'ono. Pali ya makalasi ndi buku la kafukufuku, imene pa fomu amalemba kuti "by coursework and dissertation". Ndipo pali ya kafukufuku yekhayekha, imene mudzaione italembedwa "by research", MPhil, kapena MRes, ngakhale MRes imakhala ndi timakalasi ta njira zofufuzira. Ya makalasi okhaokhayo isiyeni. Ndi yabwino kwa wofuna kukwezedwa pantchito, koma kwa inu ingadzakuchititseni kulipira masitazi kawiri.

Kukula kwa bukulo amakuyeza ndi makirediti, ndipo ndi bwino kuwadziwa manambala ake. Ku Britain masitazi ya m'kalasi imatenga chaka chimodzi ndipo ili ndi makirediti 180: makalasi 120, buku 60. Ku South Africa nakonso masitazi ndi makirediti 180, ndipo lamulo lawo limati ya makalasi ikhale ndi kafukufuku wa makirediti osachepera 60. M'mayiko ambiri a ku Ulaya masitazi ya zaka ziwiri ndi makirediti 120 a mtundu wawo, buku n'kutenga 30. Mayunivesite ambiri a ku Australia amafuna kuti kafukufuku akhale osachepera gawo limodzi mwa magawo anayi a digiri yonse. Choncho muyezo wosavuta ndi uwu: buku likafika gawo limodzi mwa magawo atatu, makomo ambiri ndi otsegula. Likachepera pa gawo limodzi mwa anayi, mudzavutika. Malikisi a bukulo nawo amalemera kuposa a phunziro lina lililonse. Madipatimenti ambiri ku South Africa amafuna 60 kapena 65 pa 100 kupita m'mwamba, ndipo ku Britain 60 ndi Merit, 70 ndi Distinction. Kumene kuli ndalama za sikolashipu, amene amapambana kawirikawiri ndi a 70.

Tsopano tiike funso lanu la nthaka pa kalendala, chifukwa m'pamene kusiyana kwenikweni kumaonekera. Tiyerekeze kuti mukufuna kuona mmene asidi wa m'nthaka amakhudzira zokolola m'minda 40 ya alimi ang'onoang'ono a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Tiyi amakonda nthaka ya asidi, ya pH pakati pa 4.5 ndi 5.5, koma feteleza wa nayitirojeni akathiridwa zaka zambiri amatsitsa pH kupitirira pamenepo. Kuti muone zimenezi muyenera kukumba dothi m'munda uliwonse pa kuya kuwiri, tinene masentimita 0 mpaka 20 ndi 20 mpaka 40. Amenewo ndi masampulo 80 oti aumitsidwe, asefedwe, ayezedwe ku labotale. Muyeneranso kulemba makilogalamu a masamba amene mlimi aliyense akutchola, ndipo masamba ambiri amatcholedwa m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo.

Mukapita ku Britain pa masitazi ya chaka chimodzi, nthawi ya buku ndi Juni mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Kuno imeneyo ndi nyengo ya chiperoni, tiyi akuphuka pang'onopang'ono, mvula ya dzinja kulibe. Miyezi itatu yomweyo ndi yoti mulembenso mawu 10,000 kapena 15,000. Kafukufuku wanu wa m'minda sangakwanemo. Mudzagwiritsa ntchito deta imene ena anatola kale, ndipo zimenezo sizoipa ngati mwaisanthula mozama, koma dziwani kuti ndi buku la mtundu wina. Phindu la njira imeneyi ndi makalasi abwino, laibulale, ndi aphunzitsi amene angadzakulembereni kalata. Ndalama zakenso zili kumeneko: sikolashipu ya Chevening imalipirira masitazi ya m'kalasi ya chaka chimodzi, osati MRes, ndipo imafuna kuti mukamaliza mubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Zaka ziwirizo muziwerengere pa ulendo wanu wa PhD.

Pa masitazi ya zaka ziwiri ya kuno kwathu, chaka choyamba makalasi, chachiwiri kafukufuku, dzinja limodzi limakwana, pokhapokha mutakonzeka nthawi yabwino. Apa m'pamene ambiri amagwa. Musanalowe m'munda wa munthu ndi mafunso, puropozo yanu iyenera kuvomerezedwa ndi dipatimenti, kenako ndi komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku, monga MUSTREC ku Ndata kapena UNIMAREC ku Zomba. Komiti ikhoza kukubwezerani kuti mukonze fomu yopempha chilolezo kwa alimi, kapena kuti muimasulire m'Chichewa. Puropozo ikaperekedwa mu Novembala, chilolezo n'kutuluka mu Febuluwale, theka la dzinja lapita. Mudikira mpaka Disembala wina, ndipo digiri ya zaka ziwiri yasanduka ya zitatu, fizi ikuwerengabe. Ndiye werengani chobwerera m'mbuyo: chilolezo chikhale m'manja pofika Okutobala, kutanthauza kuti puropozo ithe cha mu Juni, inu mukadali m'kalasi.

Masitazi ya kafukufuku yekhayekha imakupatsani madzinja awiri. Pa funso la nthaka ndi zokolola chimenecho n'chachikulu, chifukwa chaka chimodzi mvula ikhoza kuchuluka kapena kuchepa n'kusokoneza zonse, ndipo woyesa buku adzafunsa ngati zimene mwapeza si za chaka chimenecho chokha. Buku lake limakhala lalikulu, ndipo kawirikawiri mumatulukamo pepala limodzi loti n'kusindikizidwa m'magazini ya akatswiri. Kwa wofuna PhD palibe umboni woposa umenewo. Koma njirayi ilibe belu, ilibe mayeso a pakati pa semesita, ilibe anzanu okukumbutsani. Digiri yonse yatsamira pa munthu mmodzi, supavaiza. Akapita kunja kwa chaka, kapena akamasunga chaputala chanu miyezi inayi osachiwerenga, palibe malikisi a m'kalasi oti muonetse kwina. Ndipo palibe amene adzakuphunzitseni sitatisitiki. Minda yanu 40 ili m'magulu, ina m'dera limodzi, ina pansi pa kalabu imodzi ya alimi, moti kuisanthula ngati kuti uliwonse uli paokha kumabereka yankho looneka lamphamvu kuposa mmene lilili. Munthu amene anasiya mapulogalamu a pakompyuta osanthulira deta monga R kapena SPSS zaka 8 zapitazo, kapena sanawagwirepo, amazindikira vuto limeneli woyesa atalemba kale ndi inki yofiira.

N'chifukwa chake kwa inu ndikuti tengani ya makalasi ndi buku, ya zaka ziwiri, imene chaka chachiwiri chonse ndi kafukufuku. Zaka 8 n'zambiri, ndipo ntchito ya ku sekondale idzakudyerani masana onse. Makalasi adzakubwezerani m'njira ndi kukupatsani mwayi woona aphunzitsi anayi kapena asanu musanasankhe wokuyang'anirani. Ndingasinthe maganizo pokhapokha zinthu zitatu zitakhalapo kale musanalembetse: katswiri amene wavomera molemba kuti akuyang'anirani, funso lomwe mwagwirizana naye, ndi ndalama za labotale ndi mayendedwe. Zimenezi zimachitika munthu akalowa m'pulojekiti imene ili kale ndi ndalama. Muli pamalo abwino pofufuza zoterezi, chifukwa Tea Research Foundation of Central Africa ili ku Mimosa, ku Mulanje konkuno, ndipo malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe ali ku Thyolo. Katswiri wa kumeneko akhoza kukhala supavaiza wachiwiri ngati yunivesite yalola, ngakhale mutatenga njira ya makalasi.

Misampha iwiri ndiitchule mwachangu. Mukamaliza makalasi koma buku osamaliza, mayunivesite ambiri amakupatsani dipuloma yapamwamba, osati masitazi, ndipo dipulomayo sikulowetsani ku PhD. Wina: mayunivesite ena amalola wa MPhil kukwezedwa kupita ku PhD asanamalize. Zimafupikitsa ulendo, koma funsani kuti zikadzavuta pakati mudzatuluka ndi chiyani, chifukwa masitaziyo simunaitenge.

Musanalipire fizi, pitani ku laibulale ya yunivesite imene mukuiganizira mukapemphe mabuku atatu a ophunzira a pulogalamu yomweyo a zaka zaposachedwa. Musawerenge onse. Tsegulani chaputala cha njira zofufuzira ndi cha zopeza. Onani ngati wolemba anatola yekha deta, masampulo anali angati, ndipo anafotokoza chifukwa chimene anasankhira njira yosanthulira. Onani tsiku limene bukulo linaperekedwa n'kufunsa chaka chimene mwini wake anayamba. Pa tsamba loyamba pali dzina la supavaiza. Lembani dzinalo pa Google Scholar muone ngati pali mapepala amene anasindikiza pamodzi ndi ophunzira ake, ndipo m'magazini otani. Magazini imene imakulonjezani kusindikiza pasanathe sabata bola mwalipira, pepala lake limakuchotserani ulemu pamaso pa olandira a PhD. Tsimikizaninso kuti pulogalamuyo ndi yovomerezedwa ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunzirio apamwamba kuno ku Malawi, chifukwa mukadzafunsira malo ku South Africa masatifiketi anu adzayenera kuunikidwa ndi SAQA, bungwe la kumeneko lounika ziyeneretso za maphunziro.

Chomaliza chitani sabata ino, ngakhale PhD ikadali kutali. Sankhani madipatimenti atatu a za nthaka kumene mungafune kudzachita PhD, limodzi kuno, limodzi ku South Africa, lina kutsidya kwa nyanja. Lemberani woona za maphunziro apamwamba m'dipatimenti iliyonse kalata yaifupi. Tchulani dzina la masitazi imene mukuiganizira, makirediti ake onse, makirediti a buku, ndipo funsani ngati amalandira munthu wa digiri yotere ndi malikisi angati a buku amene amafuna. Mayankho awo asungeni, mukawaonetse kwa supavaiza tsiku loyamba lokambirana puropozo.