Chithunzi chimodzi, zilankhulo zitatu: ndimasulire mbali iti?

"Alangizi, ndinamaliza Fomu 4 ndipo ndikuphunzira ntchito yomasulira. Wamalonda wina wanditumizira chithunzi cha chikwangwani cha pamalo osungira katundu ku Tete, cholembedwa m'Chipwitikizi, m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, akuti ndichiike m'Chichewa kuti madalaivala ake awerenge. Ndimasulire zonse zitatu?" Wophunzira, Kawale, Lilongwe.

Achemwali, masulirani kamodzi kokha, koma werengani mbali zonse zitatu musanagwire cholembera. Dalaivala akufuna uthenga umodzi womveka. Mukamupatsa ndime zitatu zofanana, aganiza kuti ndi malamulo atatu osiyana.

Yambani ndi kugawa chithunzicho. Chikulitseni pafoni, muone pamene chilankhulo china chathera ndi pamene china chayambira, kenako mukopere mbali iliyonse papepala payokha. Ngati zilankhulozo zalembedwa moyandikana, tsikani nacho chimodzi mpaka pansi, musawerenge chopingasa. Mukatero, werengani mizere ndi manambala a mbali iliyonse. Zimenezi zimatheka ngakhale simudziwa Chifalansa, chifukwa nthawi, mitengo ndi masiku zimaoneka ndi maso.

Tiyerekeze kuti Chingerezi chili ndi mizere 4, Chifalansa 4, koma Chipwitikizi 5, ndipo mzere wachisanuwo uli ndi nambala 25 ndi mawu akuti "Junho". Pa 25 Juni dziko la Mozambiki limakumbukira ufulu umene linalandira mu 1975, ndiye n'kutheka kuti mzerewo ukunena kuti tsikulo malowo satsegula. Mukadalira Chingerezi chokha poti ndicho mumachidziwa, galimoto ikafika ku Tete n'kupeza geti lotseka.

Apa mpamene pagona nkhani. Pa zikwangwani zotere pamakhala chilankhulo chimodzi chimene mwini wake anayambira kulemba, ndipo zinazo anachita kumasulira. Choyambiriracho mumachidziwira poti nthawi zambiri chimakhala pamwamba kapena chili ndi zilembo zazikulu, chimanena zambiri kuposa zinzake, komanso ndi chilankhulo cha boma kumene chikwangwanicho chili. Ku Tete chimenecho ndi Chipwitikizi. Mbali zikatsutsana, choyambirira ndicho chimakhulupirika, chifukwa mtengo ukasintha mwini malo amathamangira kukonza chilankhulo chake, zinazo n'kutsala ndi zakale.

Ngati Chipwitikizi simuchidziwa, masulirani kuchokera ku Chingerezi, koma mzere wowonjezerawo ndi manambala onse mukatsimikize kwa munthu wochidziwa. Ena mwa amalonda amene amadutsa pachipata cha Dedza amachiwerenga ndithu.

Pali msampha wina umene umakola makamaka ife olankhula Chichewa. Apwitikizi amawerenga masiku kuyambira Lamulungu, motero Lolemba ndi tsiku lachiwiri, "segunda-feira", ndipo Lachisanu ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi, "sexta-feira". Pachikwangwani amafupikitsa kuti "2ª a 6ª feira". Ife tikaona 2 mtima umathamangira ku Lachiwiri, tikaona 6 umathamangira ku Loweruka. Zoona zake ndi Lolemba mpaka Lachisanu. Yerekezerani ndi mzere wa Chingerezi, ndiwo ukugwireni dzanja.

Manambala nawonso amapusitsa. M'Chipwitikizi "1.500 MT" ndi ndalama zokwana 1,500 za ku Mozambiki, pamene "1,5" ndi chimodzi ndi theka. M'Chichewa timatsata kalembedwe ka Chingerezi, choncho sinthani kadontho ndi kampatuliro moyenera. Koma ndalamazo musazisandutse makwacha, chifukwa dalaivala akalipira ndalama za komweko ndipo mtengo wosinthira sukhazikika. Nthawi yolembedwa "14h30" lembani kuti 2:30 masana.

Dzina la kampani, la msewu ndi mawu a pachidindo zisiyeni mmene zilili, kuti dalaivala akathe kuzifananiza ndi zimene akuona pakhoma.

Nthawi zina zilankhulo za pachithunzi sizimanena chinthu chimodzi n'komwe. Wina amalemba ndi choko kapena kumata kapepala m'munsi mwa chikwangwani chosindikizidwa. Umenewo ndi uthenga wina, ndipo kawirikawiri ndiwo watsopano. Umasulireni pawokha, mulembe kuti "zolembedwa pamanja". Pamene chithunzi sichikuoneka bwino lembani kuti "sizikuwerengeka" ndipo mupemphe china. Kulotera nambala ndi kulakwa kwakukulu kuposa kusiya mpata.

Popereka ntchitoyo, ikani pamwamba ziganizo ziwiri zouza mwini wake zimene mwachita, mwachitsanzo: "Ndamasulira kuchokera ku Chingerezi. Mzere wa 5 uli m'Chipwitikizi mokha ndipo ndautsimikiza kwa wodziwa chilankhulocho." Za malipiro mugwirizane musanayambe. Werengerani mawu a mbali imodzi imene mwamasulira, osati zonse zitatu, kenako muwonjezere ya nthawi yofananiza ndi ya munthu amene wakuthandizani pa Chipwitikizi.