Kodi mankhwala ogonetsa angaiwalitse munthu wachikulire?

"Amayi anga a zaka 72 amamwa amitiriputilini chifukwa cha kutentha kwa mapazi, okisibutinini wa chikhodzodzo, ndiponso piritoni kuti apeze tulo. Chaka chino ayamba kuiwalaiwala. Kodi ndi mankhwalawa?"

N'zotheka ndithu, ndipo mwachita bwino kufunsa. Mankhwala atatuwa ndi a matenda osiyana, koma onse amatsekereza asetilikolini, chinthu chimene mitsempha ya mu ubongo imatumizirana nacho uthenga munthu akamaphunzira ndi kukumbukira. Ubongo wa wachikulire umakhala nacho chochepa kale, ndipo chiwindi ndi impso zimachedwa kuchotsa mankhwala m'thupi.

Madokotala ali ndi muyeso wopatsa mankhwala aliwonse nambala, kuyambira 0 mpaka 3, malinga ndi mphamvu yake yotsekereza. Manambalawo amawaphatikiza, ndipo akafika 3 amayamba kuda nkhawa. Mankhwala a amayi anu, aliwonse ali pa 3. Onse pamodzi akukwana 9. Chimandipweteka n'chakuti piritoni ambiri samuwerengera n'komwe, poti amagulidwa popanda kalata ya dokotala.

Ndiye muwayang'anitsitse. Kodi m'kamwa mumauma? Akudzimbidwa? Mkodzo ukuvuta kutuluka, maso akuona mwachimbuuzi, masana akungosinza? Zimenezi zikabwera pamodzi ndi kuiwala, makamaka ngati zinayamba atangowonjezera mankhwala ena, mankhwalawo ndiwo oyamba kuwakayikira. Kusokonezeka kwa mtundu uwu nthawi zambiri kumachepa mankhwala akachepetsedwa.

Za matenda oiwala osatherapo ndi nkhani ina. Kafukufuku wa ku Amereka wa 2015, wa anthu oposa 3,000 a zaka 65 kapena kuposa, anapeza kuti omwe anamwa mankhwala otere tsiku ndi tsiku kupitirira zaka 3 chiopsezo chawo chinali chokwera ndi 54 peresenti. Wina wa ku Mangalande wa 2019 anapeza zofananako pa mankhwala a chikhodzodzo ndi a matenda okhumudwa, koma osati pa a gulu la piritoni. Komabe izi sizitsimikizira kuti mankhwala ndiwo amayambitsa matendawa, chifukwa kusowa tulo ndi kukhumudwa zimatha kukhala zizindikiro zoyamba za matenda oiwalawo, munthu n'kupatsidwa mankhwala matenda atayamba kale mobisika. Kwa ine, kukayikira kumeneku si chifukwa chosiyira amayi pa 9.

Sonkhanitsani mapaketi onse, ngakhale a chimfine ndi chifuwa, mupite nawo kwa dokotala. Mufunse kuti mankhwala aliwonse akugwira ntchito yanji panopa. Kawirikawiri woyamba kuchotsedwa ndi piritoni, poti tulo take timachepa thupi likamuzolowera. Okisibutinini ali ndi ena olowa m'malo mwake. Amitiriputilini yekha asamusiye mwadzidzidzi: amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, apo ayi pamabwera nseru, mutu ndi kusowa tulo. Ndi bwino kusintha amodzi pa nthawi, inu mukulemba zimene mukuona. Ngati pakatha miyezi iwiri kapena itatu kuiwalako kukupitirirabe, pemphani kuti awayeze kakumbukiridwe, magazi ndi chithokomiro.