Kalata yopempha ngongole ya katundu ku banki mkhonde

Funso: "Ndimagulitsa kaunjika pa Chinkhoma. Gulu lathu la banki mkhonde lati amene akufuna ndalama yopitirira K200,000 alembe mwachidule chimene akufuna kuchita nayo. Ndilembemo chiyani kuti andipatse ya belo lathunthu?"

Achemwali, ine kalata yotere inandidyera makina osokera amene anandisiyira malemu mayi anga, ndipo mpaka lero ndikamva makina akulira pakhonde la munthu mtima umandipweteka. Ndinailemba kumapeto kwa Okutobala 2023, ndili ndi masheya a K110,000, ndipo popeza lamulo la gulu lathu limalola munthu kukongola katatu ka masheya ake, ndinapempha K300,000. Ndinaigawa bwino: K260,000 ya belo la zovala za ana ku Lilongwe, K25,000 yoyendera ine ndi belolo, ndi K15,000 ya ziphaso za pamsika ndi kabaza wopita naye ku Santhe ndi ku Chinkhoma. Ndinalembanso kuti m'belo lotere mumatuluka zovala pafupifupi 280, kuti 80 zoyambirira zimapita pa K2,500, zapakati 120 pa K1,200, ndipo zotsalira 80 pa K500, zonse pamodzi K384,000. Pansi pake ndinalemba monyadira kuti phindu ndi K84,000, ndipo pa chikole ndinangoti "katundu wa m'nyumba".

Phindu limenelo linali la papepala chabe. Chiwongoladzanja cha gulu lathu ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi, kutanthauza kuti pa K300,000 chinali K60,000 mwezi woyamba wokha, ndipo ine ndikanatsala ndi K24,000 belo likanatha m'masabata anayi. Likanalowa mwezi wachiwiri ndikanabweza K420,000, ndalama imene m'belomo munalibe. Aliyense wa kaunjika amadziwa kuti zokongola zimatha tsiku lotsegula belo, anthu akulimbirana, koma zakumapeto zimakhala pamphasa mpaka kusuluka ndi dzuwa, ndipo ine sindinalembe mawu ngakhale amodzi onena za masiku.

Koma si masamu okha amene anandigwetsa. Amayi amene ankasunga chuma pa nthawiyo anagwira kalata yanga misonkhano iwiri, akuti m'bokosi mulibe ndalama, chikhalirecho tonse tinaona mlamu wawo akulandira ya feteleza popanda kulemba kanthu. Ndikudikira chomwecho, mu Novembala ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Pakati pa mweziwo anandiitana n'kundipatsa K200,000, nati ndiyamike chifukwa ena abwerera chimanjamanja, ndipo ine chifukwa cha manyazi ndinalandira n'kusaina. Nditafika ku Lilongwe ndinapeza belo lija lili pa K340,000. Ndinagawana theka ndi mayi wina amene ndinakumana naye komweko, pa K170,000, ndipo nditamasula mtolo kunyumba ndi pamene ndinazindikira kuti anali atasankhamo kale madiresi abwino, ine n'kundisiyira timabuluku tothimbirira m'mawondo ndi majuzi a nthawi yozizira, dzuwa la Novembala likuswa mtengo. Pamsika anthu ankangogwira chovala n'kuchibwezera pansi, chifukwa ndalama iliyonse m'mudzi nthawi imeneyo imapita ku mbewu, feteleza ndi chimanga, ndipo za fodya zimakhala zitatha kale.

Tsiku logawana linafika pakati pa Disembala, ndikuyenera kubweza K240,000 koma m'kansalu ndili ndi K110,000. Anatenga masheya anga onse, ndipo pamenepo sindidandaula chifukwa ndi lamulo limene tinagwirizana, monganso loti wolephera kubweza salandira gawo la phindu la chakacho. Ngongole inatsala K20,000 yokha. Ndinagwada pamaso pa gulu lonse kupempha masabata awiri, kuti ndigulitse zotsalazo pa Khirisimasi, koma amayi aja anatulutsa kalata yanga m'chikwama, nawerenga mokweza mawu akuti "katundu wa m'nyumba", nati katunduyo asankha okha. Madzulo a tsiku lomwelo anabwera anthu asanu ndi wilibala. Mwana wanga wamkazi anali akusoka yunifomu ya mng'ono wake, ndipo anamudzutsa pampando nsalu ikadali pansi pa singano, ulusi n'kuuduladula ndi manja. Anansi anaima kumpanda akuonerera, ine ndili chilili pakhomo ndi mtsuko wa madzi umene ndinaiwala kutula. Makinawo anawagulitsa K45,000 kwa mbale wa amayi omwewo, ndipo K25,000 yotsala ananditumizira ndi mwana. Munthu amene timapemphera naye mpingo umodzi, amene ndinakamuphikira pa maliro a mwamuna wake, sanathe kundidikira masiku khumi ndi anayi, ndipo zimenezi sindinazikhululuke.

Tsono inu lembani tsamba limodzi, chifukwa mlembi amawerenga mokweza anthu atakhala pamphasa, ndipo kalata yaitali amaisiyira panjira. Yambani ndi ndalama imene mukufuna ndi masheya amene muli nawo, kenaka igaweni monga ndinachitira ine, koma mtengo wa belo mufunse sabata yomweyo kwa amene mumakagulako, osati wa ulendo wapitawo. Ngati muli ndi yanu yoikapo, ngakhale yoyendera yokha, itchuleni, chifukwa gulu limakhulupirira msanga munthu amene nayenso waika yake pangozi. Chimene ine ndinasiya, ndipo inu musasiye, ndi mzere wonena kuti ndalamayo mukuifuna lisanafike tsiku lakuti, ndi kuti ikachedwa kapena ikachepa simudzalandira, pakuti theka la ndalama siligula theka la phindu pa kaunjika, limagula zimene ena asankha kale.

Pa zogulitsa, tsegulani kabuku kanu muone belo lapitalo linatenga misika ingati kuti lithe, ndipo lembani ndalama ya sabata ndi sabata, osati yonse pamodzi. Zotsalira zija musaziwerengere pobweza ngongole. Ngati zoyambirira ndi zapakati sizikukwana ngongole ndi chiwongoladzanja chake, chepetsani imene mukukongola poonjeza yanu, kapena dikirani nyengo yokolola, kuyambira Epulo kapena Meyi, pamene fodya, soya ndi mtedza zalowetsa ndalama m'midzi. Pemphaninso kuti muzibweza pa msonkhano uliwonse, gawo lalikulu sabata yoyamba, chifukwa ndalama ya tsiku lotsegula belo ikagona m'nyumba imathera pa ndiwo ndi matenda. Werengani kuti kwatsala masabata angati kuti mugawane, ndipo tsiku lomaliza kubweza lifike kugawanako kusanayandikire.

Za chikole, ngakhale chinandiliza, musasiye kulemba, chifukwa pa ndalama yotere sangakupatseni popanda icho, ndipo chikhale chinthu chooneka chimene gulu lingachikhulupirire. Tchulani chimodzi ndi dzina lake ndi mtengo wake, monga mbuzi ziwiri kapena njinga, ndipo muonjeze kuti chikagulitsidwa pakhale inu ndi mboni yanu. Amuna anu, ngati alipo, adziwe ndi kusaina, kuti tsiku lovuta asadzakane kuti mbuzizo ndi zawo. Ine ndikadali m'gulu lomwelo, ndipo ndikafuna ya belo ndimapitabe komweko osati kwa akatapila, koma kalata ndimalemba ziwiri zofanana, ina mlembi amasaina n'kundibwezera kuti ndisunge kunyumba.