Kodi chithunzi chopangidwa ndi makina chikonzedwe kangati?

"Ndimapangira anthu zithunzi ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imajambula yokha ikapatsidwa mawu. Kasitomala wina akufuna kuti azibweza chithunzi mpaka atakhutira, ati kukonza n'kungodina batani. Ndimulembere chiyani?"

Muuzeni kuti ndi maulendo atatu, ndipo mumufotokozere chifukwa chake, popeza munthu amene sanaonepo ntchitoyi ikuchitika salakwa akamaiyesa yophweka. Ine ndikanalemba motere:

"Okondedwa bwana,

Pa mtengo umene tagwirizana ndidzakonza chithunzi chanu maulendo atatu. Ulendo umodzi ndi ndemanga zanu zonse zoikidwa mu uthenga umodzi, osati zobwera imodziimodzi.

Chifukwa chake n'chakuti pulogalamuyi sisunga chithunzi ngati zidutswa zoti ndingasunthe chimodzi zina n'kutsala mmene zinalili. Imayamba ndi timadontho tosokonekera, tonga timene timadzaza pa wailesi yakanema ikalephera kugwira siteshoni, n'kumatiwongola pang'onopang'ono motsatira mawu amene ndalemba. Timadonthoto timachokera pa nambala yotchedwa `seed`, ndipo ngakhale nditaisunga nambalayo, kusintha mawu ochepa chabe kungasinthenso zinthu zimene simunazidandaule.

Titenge chithunzi cha mayi wonyamula kapu, chimene mwachikonda, koma mukufuna kuti kapuyo ikhale m'dzanja linalo. Ndikachipanganso chonse, kapu idzasamukadi, koma nkhope imene munaikonda ija ikhoza kukhala ya munthu wina. Choncho ndimalemberera malo a manja okhawo kuti makina ajambulenso pomwepo, ndipo kawirikawiri pamafunika kuyesa kangapo, chifukwa nthawi zina zala zimatuluka zopindika, nthawi zina kuwala kwa pamalo okonzedwawo sikugwirizana ndi kwa thupi lonse. Chithunzi chimodzi chikabwezedwa m'makina mobwerezabwereza, khungu limayamba kusalala ngati pulasitiki ndipo mitundu imasuntha, moti chachisanu chimatha kuipa kuposa chachiwiri.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti pa ulendo woyamba tigwirizane zikuluzikulu, monga kaimidwe ka munthu ndi malo amene ali, pakuti apa m'pamene kuyambiranso kuli kosavuta. Ulendo wachiwiri ndi wa tizigawo monga manja ndi zovala, ndipo wachitatu ndi wa mitundu ndi zolemba, zimene ndimaika pamanja chifukwa makina amatha kusokoneza zilembo. Mukafuna kusintha kaimidwe titafika kale pa ulendo wachitatu, imeneyo idzakhala ntchito yatsopano yokhala ndi mtengo wake."

Musanatumize kalatayi, onjezanimo kuti cholakwika choonekeratu, monga dzanja la zala zisanu ndi chimodzi limene munalephera kuliona, mudzachikonza popanda kuchiwerengera pa maulendo atatuwo. Ndimaumirira mfundo imeneyi chifukwa malirewo ndi a kusintha kwa maganizo a kasitomala, osati a zimene inu munayenera kuona musanamutumizire chithunzicho.